Anthu 312, matikiti 270

Tsiku la mpikisano wa makwaya pa holo ina ya mpingo ku Zomba, mayi wina wa m'bungwe la amayi anadzipereka kuima pakhomo. Za ndalama sizinkamukhudza. Ntchito yake inali kuwerenga olowa kuti ophika adziwe mbale zofunika. Munthu akalowa ankalemba kamzere m'kope, akafika wachisanu n'kudula tinayi tija ndi kamzere kopingasa.

Kwaya yomaliza itatsika, kope lake linali ndi anthu 312. Msungichuma anawerenga ziputu zotsala m'buku la matikiti n'kupeza 270. Tikiti inali K2,000, ndipo m'thumba munalidi K540,000 yokwanira. Nanga anthu 42 enawo analowera pati?

Apa ndi pomwe makomiti ambiri amayambanirana, chifukwa maso onse amathamangira kwa wogwira ndalama. Mayiyu sanaloze chala munthu. Anapempha mndandanda wa olowa ulere, omwe anali oweruza, azibusa ndi oimba zida, ndipo anakwana 19. Kenako anatembenuza kope. Kuseri kwake ankalembako aliyense wotuluka kukagula madzi kapena kukayankha foni n'kubwereranso, ndipo anthu 8 otere anali atawerengedwa kawiri. Panatsala 15, ndiye kuti K30,000.

Pa chochitika cholipiritsa pamakhala manambala atatu oyenera kugwirizana: mitu ya olowa, ziputu za matikiti ndi ndalama. Ndalama zikachepa poyerekeza ndi ziputu, vuto lili patebulo logulitsira, mwina pobweza chenji, mwina m'thumba la munthu. Koma ziputu ndi ndalama zikagwirizana pamene mitu yachuluka, wogulitsa alibe mlandu. Chabowoka ndi pakhomo.

Ndi mmene zinalilidi. Mnyamata wolandira matikiti ankangoyang'ana pepala n'kumubwezera mwini wake osang'amba. Ena akalowa ankaliponyera anzawo panja kudzera pawindo la kumbuyo, tikiti imodzi n'kulowetsa anthu awiri kapena atatu. Ana omwe ankasewera kuseri kwa holo anaziona zonsezo, kungoti palibe anawafunsa.

Kuwerenga kwa pakhomo kuli ndi malire ake. Anthu akamakankhizana, wowerenga mmodzi angadumphe kapena kubwereza awiri atatu, choncho kusiyana kochepa sikoyenera kuyitanitsira msonkhano. Ndiponso nambala imangoonetsa malo obowoka, sitchula wolakwa. Mnyamata uja sanabe kalikonse, sanauzidwe chabe kuti tikiti imang'ambidwa.

Pa mpikisano wotsatira komiti inasintha zinthu zochepa. Tikiti iliyonse inkang'ambidwa pakati, theka n'kuponyedwa m'katoni. Wofuna kutuluka ankadindidwa chidindo padzanja. Owerenga anakhala awiri, aliyense ndi kope lake, ndipo ola lililonse ankayerekeza manambala awo ndi a patebulo m'malo modikira usiku anthu atabalalika. Windo la kumbuyo lija analitseka ndi waya.