Mphamvu Yosungika M'thanki ya Madzi

Ana inu a ku Livingstone, madzi a m'mipope yanu achokera mu mtsinje wa Zambezi, umene uli kumunsi kwa tauni. Madzi sakwera mtunda okha. Pampu ndiyo iwakankhira m'thanki yam'mwamba, ndipo akafikamo asunga mphamvu, imene iwathamangitsa m'mapaipi wina akatsegula mpope.

Tiyeni tiiwerengere mphamvuyo. Ganizani bokosi la mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu. Bokosi lotere, lotchedwa kiyubiki mita, lilowa malita 1,000, olemera makilogalamu 1,000. Tinene kuti tikweza madziwa mamita 20. Chulukitsani kulemera kwake ndi 10, nambala yoimira chikoka cha dziko (kwenikweni ndi 9.8), kenaka ndi msinkhuwo:

1,000 × 10 × 20 = 200,000

Yankho lili m'majulo, muyeso wa mphamvu. Yuniti imodzi ya magetsi ndi majulo 3,600,000, choncho ikadakweza makiyubiki mita 18. Koma pampu yotere kulibe. Gwirani mota ikamagwira ntchito, mudzamva kutentha; mphamvu ina ithanso pamene madzi akhulana ndi paipi. Ngati magawo 6 okha mwa 10 afika m'madzi, yunitiyo ikweza makiyubiki mita pafupifupi 11, ndiye kuti iliyonse idya mayuniti 0.09.

Aphunzitsi, chenjerani apa: msinkhu uyambire pamwamba pa madzi amene pampu ikukoka, osati patsinde pa thanki. M'chilimwe Zambezi akaphwera, msinkhuwo uwonjezeka ngakhale thanki sinasunthe.