Lisiti Likasokonekera Dalaiva wa Pulinta Atasinthidwa

Pulinta ya malisiti siwerengetsa ndalama. Kuphatikiza mitengo, kuchotsera ndi kuika msonkho kumachitika m'pulogalamu yogulitsira yomwe ili m'kompyuta ya pa tilu, ndipo pulinta imangolemba zomwe yatumiziridwa. Pakati pa ziwirizi pamakhala kapulogalamu kena kotchedwa dalaiva, kamene kamasandutsa lisiti kukhala malamulo omwe pulinta ingamve. Dalaivayu akasinthidwa, kaya ndi wokonza makina kaya ndi Windows payokha usiku shopu itatsekedwa, malisiti a m'mawa amatha kutuluka ndi zilembo zosadziwika, kapena ndi chiwerengero chosiyana ndi chomwe kasitomala walipira.

Mapulinta ambiri a m'mashopu alibe inki: amalemba potenthetsa pepala lapadera. Ambiri amamva malamulo a ESC/POS, omwe anayambitsidwa ndi kampani ya Epson ndipo makampani ena anawatengera. Lisiti lingawafike m'njira ziwiri. Pulogalamu yogulitsira imatha kutumiza mawu ndi malamulo mwachindunji, dalaiva n'kungowapatsira osawakhudza. Kapena dalaiva amajambula lisiti lonse ngati chithunzi cha timadontho. Chisokonezo chimabwera njirazi zikasemphana. Dalaiva watsopano akatenga malamulo ngati mawu wamba, pamwamba pa lisiti pamaoneka tizilembo tosochera monga `@`, pepala silidulidwa, ndipo kabati ya ndalama, yomwe imatsegulidwa ndi pulinta yomweyo, imakana kutseguka. Windows ikasankha dalaiva wa pulinta ya mtundu wina, zinthu zimaipa kwambiri: pulinta imalandira chithunzi m'chinenero chomwe siichidziwa, n'kumalavula pepala lodzaza zizindikiro mpaka wina aizimitse.

Pali vuto lina lofatsa, lomwe limaononga zilembo zochepa chabe. Pulinta imalandira manambala, ndipo imayang'ana pa tebulo lake kuti idziwe chilembo choyenera nambala iliyonse. Matebulowa alipo angapo. Pa zilembo A mpaka Z ndi manambala 0 mpaka 9 onse amagwirizana, koma pa zilembo zapadera amasiyana. Mapulinta ambiri amayamba ndi tebulo la PC437, pomwe mapulogalamu amakono amakonda kutumiza mawu mu UTF-8, momwe chilembo ŵ chimayenda ngati manambala awiri. Pulinta yowerenga ndi PC437 imatenga nambala iliyonse payokha, dzina loti Malaŵi n'kutuluka chonchi:

```
Mala┼╡i
```

Chizindikiro cha vutoli n'chakuti chilembo chimodzi chimasanduka ziwiri kapena zitatu, nthawi zonse pamalo omwewo, pomwe mawu ena onse ali bwino. Tebulo limasankhidwa ndi lamulo la `ESC t`, ndipo pa mapulinta a Epson nambala 0 ndi PC437, 16 ndi WPC1252. Komabe ŵ mulibe m'matebulo awiriwa, choncho shopu yomwe ikufuna chilembochi pa lisiti iyenera kusindikiza mutu wake ngati chithunzi, apo ayi ingolemba w.

Ngati lisiti lonse silikuwerengeka, ndipo pulinta imalumikizidwa ndi chingwe chakale cha siriyo, choyamba kukayikira ndi liwiro. Kompyuta ndi pulinta ziyenera kugwirizana nambala imodzi, monga 9600, 19200 kapena 38400. Dalaiva watsopano akabwezera mbali ya kompyuta pa 9600 pulinta ili pa 38400, chilichonse chotuluka chimakhala zinyalala.

Nkhani ya chiwerengero cholakwika ndi yomwe imayambanitsa anthu, chifukwa imakhudza ndalama, ndipo woyamba kulozedwa chala amakhala kashiya. Kawirikawiri gwero lake ndi kutalika kwa mzere. Pepala la mamilimita 80 limalandira zilembo 48 pa mzere m'mapulinta ena, 42 mwa ena, pomwe la mamilimita 58 limalandira 32. Pulogalamu yogulitsira imakankhira mitengo kumanja poika mipata yowerengeka, ikudalira nambala yomwe inauzidwa tsiku loyamba.

Mwachitsanzo, kasitomala wagula matumba 4 a simenti pa K28,000 limodzi ndi makilo 3 a misomali pa K4,500 kilo. Simenti ndi K112,000, misomali K13,500, zonse pamodzi K125,500. Pulogalamu ikutumiza mzere wa zilembo 48 wothera ndi 125,500.00, koma dalaiva atasinthidwa mzere ukungolandira 42. Zilembo 6 zomaliza zilibe malo, ndipo zimagwera pa mzere wotsatira:

```
TOTAL                                 125,
500.00
```

Woyang'ana mwachangu amaona 500.00 ili payokha pansi n'kuyesa kuti ndiyo ndalama yolipira, kapena chenji. Lisiti likamasindikizidwa ngati chithunzi, mbali yakumanjayo siigwera pansi, imangodulidwa, n'kutsala 125 ndi kamchira. Umboni wake uli pa lisiti lomwelo: mitengo ya simenti ndi misomali nayo imakhala yoduka pamalo ofanana, ndipo mzere wa timizere wolekanitsa mutu ndi katundu umasefukira pansi.

Nthawi zina chiwerengero chimakhala cholondola koma katundu wolembedwa sakuchikwanira. Pa chingwe cha siriyo pulinta imauza kompyuta kuti iyambe yadikira nkhokwe yake ikadzaza, pogwiritsa ntchito DTR/DSR kapena XON/XOFF. Mbali ziwirizi zikasiyana, kompyuta imangotumizabe, ndipo mizere ina imatayika pakati. Malisiti aafupi amatuluka bwino. Vuto limaonekera pa wogula katundu wambiri. Palinso msampha wa malisiti okakamira pamzere wodikira pa nthawi yosintha dalaiva: pulinta ikadzuka imayamba ndi akalewo, ndipo kasitomala amapatsidwa lisiti la munthu wina. Nthawi ndi nambala ya lisiti zimaulula zimenezi msanga.

Kufufuza kumayambira pa pulinta payokha. Ikazimitsidwa, n'kuyatsidwanso batani la `FEED` litadinikizidwa, mapulinta ambiri amasindikiza tsamba lodziyesa, lomwe limaonetsa zomwe inakonzedwera, kuphatikizapo liwiro la siriyo. Tsambali silidutsa m'kompyuta, choncho likatuluka loyera, pulinta ilibe mlandu, ndipo kugula ina n'kutaya ndalama. Kenako malisiti onse okakamira amachotsedwa, ndipo `Print Test Page` ya Windows imayesa dalaiva ndi chingwe popanda pulogalamu yogulitsira. Tsamba limeneli likaonongeka, vuto lili pa dalaiva kapena pa doko lomwe chingwe chalowa. Likakhala bwino koma lisiti n'kumaonongekabe, ndiye kuti pulogalamu yogulitsira ndi dalaiva sakumvana pa njira yotumizira, tebulo la zilembo kapena kutalika kwa mzere.

Dalaiva wakale amabwezeredwa pa `Printer properties`, pansi pa `Advanced`, ngati akadalipo pa mndandanda. Kupanda apo amaikidwanso kuchokera kwa wopanga pulintayo, molingana ndi nambala yeniyeni ya mtundu wake. Kwa mapulogalamu otumiza ESC/POS okha, dalaiva wa Windows wotchedwa `Generic / Text Only` nthawi zambiri amakwanira. Lisiti lakale la tsiku lomwe zinthu zinali bwino limathandiza kwambiri pamenepa, chifukwa zilembo za pa mzere wake zimatheka kuwerengedwa.

Lisiti lotuluka liyenera kuyerekezedwa ndi zomwe zili pa sikirini ndi lipoti la malonda a tsikulo. Ngati pepala lokha ndilo lalakwa, mabuku a shopu ali bwino, ndipo chofunika ndi kusindikizanso lisiti lomwelo, osati kulowetsanso katundu, chifukwa kutero kumawerengera malonda ndi msonkho kawiri. Ngati sikirini nayonso ikuonetsa chiwerengero cholakwika, dalaiva alibe nazo kanthu: mtengo, msonkho kapena kalembedwe ka manambala m'kompyuta ndizo zasintha, monga pamene koma yatenga malo a kadontho. Makina otulutsa malisiti a msonkho, omwe ku Malawi amayang'aniridwa ndi bungwe la MRA, sayenera kukonzedwa mwa njira zimenezi ndi mwini shopu. Amapita kwa wogulitsa wovomerezeka pamodzi ndi malisiti oonongekawo.