Lipoti likuti K150,000, buku la malisiti likuti K100,000

Kompyuta siphonya kuphatikiza manambala. Imaphatikiza chilichonse chomwe yapatsidwa, ngakhale lisiti limodzi litabwera kawiri, ndipo siidandaula. N'chifukwa chake lipoti lochokera mu SQL limatha kuoneka laudongo pamaso pa abwana koma likunama.

Tiyerekeze sitolo yogulitsa katundu mopikulitsa. Tsiku lina yalemba malisiti atatu: la K50,000, la K30,000 ndi la K20,000. Wosunga ndalama akatenga buku la malisiti ndi kakyuleta, apeza K100,000. Mu kompyuta, malisitiwa ali mu tebulo la `malonda`, pomwe ndalama zolowa zili mu tebulo la `malipiro`. Wokonza lipoti walumikiza matebulo awiriwa motere:

```sql
SELECT SUM(m.mtengo)
FROM malonda m
JOIN malipiro p ON p.lisiti = m.lisiti;
```

Yankho latuluka K150,000. Palibe waba, palibe walemba lisiti labodza. Kungoti kasitomala wa K50,000 uja analipira kawiri, theka m'mawa, theka madzulo, choncho mu `malipiro` ali ndi mizere iwiri. `JOIN` yalumikiza lisiti lake ndi mzere uliwonse, mtengo wonse n'kuwerengedwa kawiri.

Pa malisiti atatu vutoli limaoneka ndi maso. Pa malisiti zikwi zingapo silioneka, pokhapokha pakhale nambala ina yopezeka mwanjira yakeyake, monga buku la malisiti lija kapena zomwe a zowerengera ndalama alemba paokha. Kukopera lipoti lomwelo mu Excel n'kuphatikizanso si kufufuza ayi, n'kufunsa mboni imodzi kawiri.

Manambala akasiyana, musayambe ndi ndalama, yambani ndi kuwerenga mizere. Ikani `COUNT(*)` ndi `COUNT(DISTINCT m.lisiti)` m'malo mwa `SUM`. Apa mupeza 4 ndi 3, kusonyeza kuti lisiti lina labwerezedwa. Ena amathamangira `SUM(DISTINCT m.mtengo)`, ndipo lero iwapatsadi K100,000. Mawa makasitomala awiri akadzagula katundu wa K20,000 aliyense, idzawerenga mmodzi yekha. Njira yolondola n'kuyamba mwaphatikiza malipiro a lisiti lililonse ndi `GROUP BY`, kuti lisiti likhale ndi mzere umodzi, kenako n'kulumikiza.

Choopsa kwambiri ndi manambala ogwirizana mwangozi. Tinene kuti panali lisiti lachinayi la K50,000 la munthu wotenga katundu pangongole. Poti sanalipire kalikonse, mu `malipiro` mulibe mzere wake, ndipo `JOIN` imalisiya kunja. Chomwe chikanalisunga ndi `LEFT JOIN`. Buku likuti K150,000, lipoti likuti K150,000, aliyense wakhutira, chonsecho zolakwika ziwiri zangokwirirana. Kuwerenga malisiti n'komwe kungaulule: m'buku muli anayi, lipoti likudziwa atatu.

Choncho musanasaine lipoti la mwezi, yerekezani ndalama komanso chiwerengero cha malisiti, tsiku ndi tsiku, osati nambala ya pansi yokha. Ndipo chitaninso zimenezi nthawi iliyonse wina akawonjezera tebulo mu lipotilo.