Chifukwa chake avareji ya sampulo yaikulu sisochera patali

Avareji ya sampulo si nambala yokhazikika. Munthu akatola matumba anayi m'nyumba yosungiramo matumba a chimanga masauzande ambiri, n'kuwayeza pa sikelo, n'kugawa kulemera kwawo konse ndi 4, amapeza avareji imodzi. Akatolanso anayi ena, amapeza ina yosiyanako pang'ono. Ntchitoyi itabwerezedwa kambirimbiri, maavareji onse n'kulembedwa pa mzere wa manambala, ambiri angaunjikane pafupi ndi avareji yeniyeni ya matumba onse, ochepa n'kugwera cham'mbali. Mulu wa maavarejiwu ndiwo kagawikidwe ka avareji ya sampulo, ndipo sampulo ikamakula, muluwu umaning'a.

Tiyerekeze kuti avareji yeniyeni ndi makilogalamu 50, ndipo matumba amasiyana nayo ndi makilogalamu awiri, pa muyeso wa kumwazikana umene akatswiri amautcha sitandadi divieshoni. Thumba limodzi lokha likhoza kulemera 47, ndipo palibe china choliwongolera. Koma matumba anayi akalemera 47, 52, 49 ndi 53, awiri aperewera ndi 3 ndi 1, awiri apyola ndi 2 ndi 3. Kuperewera ndi kupyola kwafafanizana, kwatsala kilogalamu imodzi yogawira matumba anayi, ndipo avareji yatuluka 50.25. Gwero la nkhani yonse ndi limeneli: kuti avareji isochere patali, pamafunika kuti matumba ambiri apendekere mbali imodzi nthawi imodzi, ndipo mwayi wotere umachepa matumba akamachuluka.

Manambala amaonetsa bwino mmene mwayiwu umachepera. Ngati matumba ambiri ali pafupi ndi 50 ndipo opepuka ndi olemera akucheperachepera mofanana mbali zonse, pafupifupi thumba limodzi pa 6 alionse lidzalemera pansi pa 48. Avareji ya matumba anayi imatsika pansi pa 48 kamodzi kokha pa maulendo pafupifupi 44, pamene ya matumba 16 imatero kamodzi pa maulendo oposa 30,000.

Kumwazikana kwa maavareji kumatchedwa sitandadi era, ndipo kumapezeka ndi fomula ya σ/√n, mmene σ ndi kumwazikana kwa thumba limodzilimodzi ndipo n ndi chiwerengero cha matumba a m'sampulo. Pa matumba anayi yankho ndi kilogalamu imodzi, pa 16 ndi theka la kilogalamu, pa 100 ndi magalamu 200.

Sikweya ruti ya m'fomulayi ndi imene imazunguza ongoyamba kumene. Zinthu zosadalirana zikaphatikizidwa, chimene chimawonkhetsedwa si kumwazikana kwenikweniko koma sikweya yake. Pa thumba lililonse sikweyayo ndi 2 × 2, kutanthauza 4. Pa matumba 16 imafika 64, ndipo sikweya ruti ya 64 ndi 8. Choncho kulemera konse kwa matumba 16, kumene kuli pafupi ndi makilogalamu 800, kumasinthasintha ndi makilogalamu 8 okha. Kukanasinthasintha ndi 32 matumba onse akanamaperewera kapena kupyola limodzi. Kugawa 8 ndi 16 kumapereka theka lija. Abraham de Moivre anali ataonetsa kale mu 1733, pa masamu a masewera a mwayi, kuti kumwazikana kumatsata sikweya ruti ya chiwerengero. Phindu la kuwonjezera sampulo limanka licheperachepera: wofuna kudula sitandadi era pakati ayenera kuyeza matumba ochuluka kanayi, ndipo kuchoka pa magalamu 200 kufika pa 100 kumafuna matumba 400.

Ambiri amasokoneza mfundoyi poganiza kuti sampulo yaikulu imafananitsa matumbawo. Matumba amakhalabe osiyana ndi makilogalamu awiri, kaya ayezedwa anayi kaya 400. Chimene chimakhazikika ndi avareji yokha.

Fomulayi ilinso ndi malire oyenera kusamala nawo kwambiri. Imagwira ntchito ngati matumba atoledwa mwachisawawa ndipo kulemera kwa limodzi sikudalira linzake. Matumba 100 onse akachokera pa lole imodzi, atathiridwa ndi munthu mmodzi wozolowera kupereweza, zolakwika zawo zimapendekera mbali imodzi ndipo sizifafanizana. Chizindikiro chake n'chakuti maavareji a malole osiyanasiyana amatalikirana kwambiri kuposa mmene fomula ikunenera. Sikelo yolakwika ndiyo yoopsa koposa, chifukwa ikamawonjezera kilogalamu imodzi pa thumba lililonse, maavareji amaunjikana bwinobwino pa 51, ndipo kugwirizana kwawoko kumapereka chikhulupiriro chabodza. Kuwonjezera matumba sikungaulule vuto limeneli. Limadziwika poika pa sikeloyo chitsulo chodziwika kale kulemera kwake ntchito yoyeza isanayambe.