Mtengo wa ufulu wogula: momwe opishoni imakwerera msika ukamagwedezeka

Mu Seputembala 2005, njala itayamba kuluma m'madera ambiri, boma la Malawi linasainirana mgwirizano wachilendo ndi banki ya Standard Bank ya ku South Africa. Silinagule chimanga tsiku limenelo. Linagula ufulu woti lidzagule matani osapitirira 60,000 m'miyezi yotsatira, pa mtengo womwe anagwirizana pomwepo. Mtengo ukadzakwera, bankiyo inayenera kupereka chimangacho pa mtengo wakalewo. Ukadzatsika, boma linali ndi ufulu wousiya mgwirizanowo n'kukagula kwina motchipa. Ufulu umenewu unagulidwa ndi ndalama zokwana pafupifupi madola 1.5 miliyoni, zomwe linapereka ndi boma la Britain. Mitengo inakweradi, ndipo Malawi anaugwiritsa ntchito ufulu wakewo.

Pa misika ya masheya ndi ya mbewu, mgwirizano wotere amautcha opishoni, ndipo mtundu wake wopatsa munthu ufulu wogula amautcha kolo. Ndalama yogulira ufuluwo ndi pulemiyamu, ndipo siibwezedwa, kaya munthu agula katunduyo kaya ayi. Koma kodi ufulu wongoyembekezera nawo umapatsidwa bwanji mtengo?

Yankho lomwe dziko linalilandira linatuluka mu 1973, pomwe Fischer Black ndi Myron Scholes anasindikiza njira yawo yowerengera, ndipo Robert Merton anaikulitsa chaka chomwecho. M'chaka chimenechi ndi momwenso msika wa maopishoni wa Chicago Board Options Exchange unatsegulidwa. Scholes ndi Merton analandira mphoto ya Nobel mu 1997, koma Black anali atamwalira kale mu 1995. Njirayo inapangidwira kolo wa masheya osapereka gawo la phindu, amene mwini wake amatha kumugwiritsa ntchito pa tsiku lotsiriza lokha. Imalembedwa motere:

```
C  = S·N(d1) − K·e^(−rT)·N(d2)
d1 = [ln(S/K) + (r + σ²/2)·T] / (σ·√T)
d2 = d1 − σ·√T
```

Zilembozi zisatiopse, chifukwa zinthu zolowetsamo ndi zisanu zokha. S ndi mtengo wa sheya lero. K ndi mtengo womwe mwagwirizana kudzagulira. T ndi nthawi yotsala, yowerengedwa m'zaka, kotero miyezi itatu ndi 0.25. Chilembo cha r ndi chiwongoladzanja cha pa ngongole yopanda chiopsezo, monga ya boma la America. Chachisanu ndi σ, chomwe chikuimira kusinthasintha kwa mtengo wa sheya: ngati σ ndi 20 peresenti, ndiye kuti pa zaka zitatu zilizonse, pafupifupi ziwiri mtengo umathera mkati mwa 20 peresenti kumwamba kapena kumunsi kwa pomwe umayembekezereka. N ndi mndandanda wa mwayi womwe umapezeka m'mabuku a masamu ndi m'makompyuta.

Chinthu chimodzi chomwe aliyense angachiyembekezere mulibemo: maganizo a anthu akuti sheyayo ikwera kapena itsika. Chifukwa chake n'chakuti wogulitsa kolo angathe kudziteteza pogula gawo la masheya omwewo, n'kumaonjezera kapena kuchepetsa gawolo mtengo ukamasuntha. Pulemiyamu yoyenera ndi ndalama yomwe ntchito yodzitetezayi imadya. Ntchitoyo imadula mtengo ukamagwedezeka kwambiri, mosaona komwe ukulowera.

Tiyeni tiwerenge. Sheya ili pa madola 100, mtengo wogwirizana ndi 100, nthawi ndi chaka chimodzi, chiwongoladzanja ndi 5 peresenti, ndipo kusinthasintha ndi 20 peresenti. Apa d1 imatuluka 0.35 ndipo d2 imatuluka 0.15. Pamndandanda, N(d1) ndi 0.6368 ndipo N(d2) ndi 0.5596. Mbali yoyamba ya masamuwo ikupereka 63.68, yachiwiri 53.23, ndipo tikachotsera titsala ndi madola 10.45. Kolo ameneyu mutati mumugwiritse ntchito lero simungapindule kalikonse, poti mungagule pa 100 chinthu cha 100. Madola 10.45 onsewo mukulipirira zomwe zingachitike chaka chisanathe.

Tsopano tisunthe σ yokha, zina zonse zikhale momwe zilili. Pa 10 peresenti kolo ndi madola 6.80. Pa 20 peresenti ndi 10.45 ija. Pa 30 peresenti ndi 14.23, ndipo pa 40 peresenti ndi 18.02. Kusinthasintha kukakwera ndi peresenti imodzi, kolo ameneyu amakwera ndi masenti pafupifupi 38. Amalonda muyeso umenewu amautcha vega.

Zimaoneka zosemphana ndi nzeru, poti tinazolowera kuti katundu wa chiopsezo chachikulu amatsika mtengo. Kusiyana kwagona pa mawu aja akuti ufulu. Tiyerekeze kuti pakutha pa chaka sheya ingakhale pa 110 kapena pa 90, mwayi wake wofanana. Mwini kolo adzapeza 10 kapena osapeza kanthu, ndipo pakatikati pake ndi 5. Tsono msika ukhale wolusa, sheya ithere pa 130 kapena pa 70. Mwini kolo adzapeza 30 kapena osapeza kanthu, pakatikati pake 15. Mwini sheya zam'vuta pamene mtengo wagwera pa 70, koma kwa mwini kolo 70 ndi 90 n'chimodzimodzi: amangousiya mgwirizano, ndipo chomwe wataya ndi pulemiyamu yomwe analipira kale. Kugwedezeka kumakulitsa phindu lomwe angapeze popanda kukulitsa zomwe angataye.

Mphamvu imeneyi imaonekera kwambiri pa kolo amene mtengo wake wogwirizana uli patali. K ikakhala 130 pomwe sheya ili pa 100, kolo wa chaka chimodzi amagulidwa madola 1.64 kusinthasintha kukakhala 20 peresenti. Kukafika 40 peresenti, amagulidwa pafupifupi 8.30. Kusinthasintha kwawirikiza kawiri, koma mtengo wa kolo wawirikiza kasanu, chifukwa 130 yomwe inali yovuta kuifikira tsopano yayandikira.

Nthawi imagwira ntchito mofananako. Tibwerere ku kolo wathu wa 100, kusinthasintha kuli pa 20 peresenti. Wa mwezi umodzi ndi madola 2.51, wa miyezi itatu ndi 4.61, wa miyezi isanu ndi umodzi ndi 6.89, wa chaka ndi 10.45, ndipo wa zaka ziwiri ndi 16.13. Zifukwa zake ndi ziwiri. Nthawi yaitali imapatsa mtengo mpata woyenda patali. Komanso madola 100 ogulira sheya muja mudzawatulutsa mochedwa, ndipo podikira angakhale akubereka chiwongoladzanja kwina.

Koma taonani kuti miyezi itatu ikasanduka chaka, nthawi yawirikiza kanayi pomwe mtengo wangopitirira pang'ono kawiri. M'masamumo nthawi imayenda ndi kusinthasintha ngati σ·√T. Mtengo wa sheya suyenda njira imodzi. Lero wakwera, mawa watsika, ndipo masitepe ambiri amafafanizana. Choncho kuti mtunda womwe ungayende uwirikize kawiri, pamafunika nthawi yowirikiza kanayi.

Mfundo yomweyi ikatembenuzidwa imawawa kwa wogula. Munthu akagula kolo wa chaka, sheya n'kungokhala pa 100 osasuntha, m'miyezi itatu yoyamba kolo amatsika kuchoka pa 10.45 kufika pa 8.77, kutaya 1.68 yokha. M'miyezi itatu yomaliza amataya 4.61 yonse, ndipo kuposa theka la ndalamayi limapita m'mwezi wotsiriza. Kutha kumeneku, komwe amakutcha teta, kuli ngati madzi oundana omwe wogulitsa zoziziritsa kukhosi wagula m'mawa: amasungunuka kaya malonda ayenda kaya ayi, ndipo kachidutswa kotsiriza ndiko kamatha msanga. Lamulo lakuti nthawi yaitali imakweza kolo lili ndi malire ake. Ngati kampani ikuyembekezeka kugawa phindu lalikulu tsiku lotsiriza lisanafike, mtengo wa sheya umatsika pogawapo, ndipo kolo wa nthawi yaitali angathe kutchipa kuposa wa nthawi yaifupi.

Pa zinthu zisanu zija, zinayi zimawerengeka poyera: S ili pamsika, K ndi T zili mumgwirizano, r imalengezedwa tsiku ndi tsiku. Koma σ yomwe ikufunika ndi ya miyezi yomwe sinafike, ndipo palibe amene angaione. Munthu angayeze momwe mtengo unkagwedezekera chaka chatha, koma zadzulo sizilonjeza zamawa. N'chifukwa chake amalonda amawerenga masamuwa chobwerera: amatenga mtengo womwe kolo akugulitsidwira pamsika, n'kufufuza σ yomwe ingatulutse mtengo umenewo. Kolo wathu uja akamagulitsidwa 14.23, ndiye kuti msika ukuyembekezera 30 peresenti. Muyeso wotchuka wa VIX wa ku Chicago umachokera ku mitengo ya maopishoni mwa ganizo lomweli, ndipo mu Malichi 2020, mliri wa korona utagwedeza misika, unapitirira 80.

Apa ndi pomwe ambiri amapsa. Tiyerekeze kuti kampani ilengeza zotsatira za malonda ake mawa, ndipo chifukwa cha nkhawa σ yakwera kufika 60 peresenti. Kolo wa mwezi umodzi, S ndi K zonse zili pa 100, akugulidwa madola 7.10. Kukacha, nkhani ndi yabwino ndipo sheya yakwera kufika pa 103. Koma chomwe anthu ankachiopa chadziwika, ndiye σ yagwera pa 30 peresenti. Kolo tsopano ndi 5.47. Wogula uja analosera bwino kuti sheya ikwera, komabe wataya madola 1.63 pa sheya iliyonse, chifukwa anagula kugwedezeka pamene kunali kodula.

Masamuwo nawonso ali ndi zofooka. Amaganiza kuti σ siisintha, ndiponso kuti mitengo imayenda pang'onopang'ono popanda kudumpha. Pa 19 Okutobala 1987, muyeso wa Dow Jones unagwa ndi 22.6 peresenti tsiku limodzi, zomwe mwa masamuwa zinali ngati zosatheka, ndipo ogulitsa maopishoni sanapeze mpata wosintha chitetezo chawo. Kuchokera nthawi imeneyo, maopishoni oteteza ku kugwa kwakukulu kwa msika amagulitsidwa pa σ yokwera kuposa ena a tsiku lotsiriza lomwelo. Masamuwo akanakhala olondola kotheratu, onsewo akanakhala ndi σ imodzi.

Choncho amene wapatsidwa mtengo wa kolo, kaya wa masheya kaya wa chimanga choyera pamsika wa ku Johannesburg, asaime pa funso lakuti katunduyo akwera kapena ayi. Afufuze σ yomwe yabisala mumtengowo, aifanizire ndi momwe katunduyo wakhala akugwedezekera, aone ngati pali chilengezo kapena nyengo yokolola yomwe ingaigwetse, kenako awerenge kuti masiku otsalawo azidya ndalama zingati sabata iliyonse. Akapeza kuti msika ukulipiritsa 60 peresenti pa chinthu chomwe nthawi zambiri chimayenda pa 30, afunika chifukwa chomveka chokhulupirira kuti mwezi ukubwerawo udzakhaladi wolusa chotero.