Kugawana Mitu Pokonzekera Mayeso: Chogawika ndi Chosagawika

Mayeso a MSCE akayandikira, ophunzira a folomu 4 ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni ndi Zingwangwa amapanga timagulu towerengera limodzi, ndipo njira imene ambiri amathamangira ndi yogawana mitu ya m'buku. Aliyense amatenga mutu wake, nkuufupikitsa, kenako manotsi onse amaphatikizidwa kukhala mpukutu umodzi umene amaujambulitsa pa fotokope kapena kuutumiza pa WhatsApp. Zomwezi zimachitikanso kusukulu za ukachenjede za mumzinda wa Blantyre, monga KUHeS pafupi ndi chipatala cha Gulupu ndi MUBAS ku Chichiri, kumene buku limodzi limatha kupitirira masamba 500. Njirayi imapulumutsadi nthawi, koma ili ndi malire amene akatswiri ofufuza za kukumbukira akhala akuwaonetsa: ntchito yolemba imagawika, koma yolowetsa zinthu m'mutu siigawika. Uthenga umene mtsogoleri wa gulu amatumiza pachiyambi ndi umene umakonza kapena kuwononga zonse.

Kugawana mitu kunayesedwa mwadongosolo mu 1971 ndi Elliot Aronson, katswiri wa kaganizidwe ka anthu, m'sukulu za mumzinda wa Austin ku Texas, m'dziko la Amereka. Iye ankagawa phunziro limodzi m'zidutswa, mwana aliyense nkupatsidwa chake. Koma ana sankangopatsirana mapepala ayi. Aliyense ankaphunzitsa anzake pakamwa, ndipo pamapeto pake onse ankalemba mayeso a phunziro lonse, osati a chidutswa chake chokha. Mbali yophunzitsana ndi yoyesedwa pa zonseyi ndi imene magulu ambiri amaisiya, nkutsala ndi kugawana kokha.

Chifukwa chake mbaliyi siyenera kusiyidwa chikuoneka pa kafukufuku amene John Dunlosky ndi anzake anafalitsa mu 2013, atasanthula njira khumi zowerengera. Kufupikitsa nkhani, kudula mizere kunsi kwa mawu ndi kuwerenga mobwerezabwereza anaziika m'gulu la njira zothandiza pang'ono. Ziwiri zokha ndi zimene zinapambana: kudziyesa ndi mafunso, ndi kumwaza kuwerenga pamasiku otalikirana. Tsono ngati kufupikitsa kumathandiza pang'ono chabe ngakhale kwa mwini wake amene anasankha yekha mfundozo, kuli bwanji kwa mnzake amene wangolandira mapepala olembalemba? Iye amawerenga, mawu nkumaoneka odziwika, ndipo amadziona ngati wamvetsa. Kuzindikira chinthu uli nacho m'manja ndi kwina, kuchitulutsa m'mutu buku lili kutali ndi kwinanso, ndipo bungwe la MANEB limayesa chachiwirichi.

Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke anaonetsa kusiyanaku mu 2006. Gulu lina la ophunzira linawerenga nkhani kanayi, lina linawerenga kamodzi nkudziyesa katatu polemba zonse zimene linkakumbukira. Patangopita mphindi zisanu, owerenga kanayi aja ndi amene anali patsogolo. Patapita sabata zinthu zinatembenuka: iwo anakumbukira mfundo 40 pa 100 zilizonse, pamene odziyesa aja anakumbukira 61. Chodetsa nkhawa nchakuti owerenga kanayiwo ndi amene ankadzikhulupirira kwambiri kuti adzakumbukira. Gulu limene likudalira mpukutu wa manotsi lili pangozi yomweyo.

Kagawidwe kake kamayambira pa silabasi, osati pa buku. Taganizirani gulu la anthu asanu limene latsala ndi masabata asanu ndi limodzi kuti lilembe bayoloje, ndipo lasankha mitu khumi. Kugawa masamba mofanana kumaoneka ngati chilungamo, koma kumanyenga, pakuti masamba khumi ofotokoza mmene ana amatengera maonekedwe a makolo awo amadya nthawi yochuluka kuposa masamba makumi awiri a nkhani yongofotokoza matenda. Gulu liyenera kuyala mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, nkuona mitu imene imabwera kawirikawiri ndi imene imavuta, kenako aliyense alandire mutu umodzi wolemera ndi umodzi wopepuka. Sabata yoyamba mitu isanu, yachiwiri isanu inayo, ndipo masabata anayi otsalawo akhale odziyesa. Gulu limene likulembabe manotsi kutatsala sabata imodzi lataya mbali imene ikanalipindulira koposa.

Pali chizolowezi chopatsa munthu mutu umene amaudziwa kale, poganiza kuti manotsi atuluka abwino. Amatulukadi abwino, koma wolembayo sapindula kanthu, ndipo amene mutuwo umamuvuta amatsalabe pomwepo. Kuli bwino kupereka mutu kwa amene amapunthwa nawo, nkuika wodziwayo kukhala wofufuza zimene mnzakeyo walemba. Motero mutu uliwonse umakhala ndi anthu awiri, ndipo munthu aliyense amawerenga m'buku lenileni mitu inayi mwa khumi ija.

Zonsezi ziyenera kulowa mu uthenga umodzi wosasiya mpata wa mafunso. Uthenga wonena kuti aliyense afupikitse mutu wake nkutumiza akamaliza umabala manotsi a masamba asanu ndi atatu kuchokera kwa wina, ndi theka la tsamba kuchokera kwa wina. Womveka bwino ungaoneke chonchi:

“Anzanga, sabata ino tikuchita mitu isanu, ndipo mndandanda wa wolemba ndi wofufuza wake uli m'munsimu. Musapitirire masamba awiri pa mutu umodzi. Mfundo iliyonse muikepo nambala ya tsamba la m'buku pamene mwaitenga. Mawu a sayansi muwalembe mmene alili m'buku, musawasinthe. Chithunzi mujambule pamanja ndi kulembapo maina. Pamene simunamvetse ikanipo chizindikiro cha funso, musadumphe mwakachetechete. Kumapeto lembani mafunso khumi, mayankho ake akhale patsamba lina. Tumizani kwa wofufuza wanu pofika Lachinayi madzulo. Loweruka 2 koloko tikumana, aliyense adzafotokoza mphindi khumi osayang'ana papepala.”

Lamulo la nambala ya tsamba limaoneka laling'ono, koma ndi limene limateteza gulu ku vuto lalikulu la kufupikitsa, lomwe ndi kutaya mawu ang'onoang'ono osenza tanthauzo. Mutu wa kayendedwe ka magazi ukupereka chitsanzo chabwino. Buku limanena kuti mitsempha ya mtundu wa atare imachotsa magazi kumtima, ndipo yambiri mwa iyo imanyamula magazi odzaza ndi okosijeni, kupatulapo umene umapita kumapapo. Wofupikitsa mothamanga amalemba kuti atare amanyamula magazi a okosijeni, basi. Mawu akuti yambiri ndi akuti kupatulapo agwera panjira, ndipo chiganizo chotsalacho ndi cholakwika, chifukwa mtsempha wochoka kuchipinda chamunsi chakumanja kwa mtima umapititsa kumapapo magazi osowa okosijeni, pamene obwerera kumtima kuchokera kumapapo, ngakhale akudzera m'mitsempha ya mtundu wa veni, ndi amene ali odzaza nawo. Olemba mayeso amakonda kufunsa pamalo oterewa. Munthu akalakwitsa ali yekha, amataya malikisi yekha, koma cholakwika chikalowa mu mpukutu wa gulu, asanu onse amachiloweza ndi mtima wonse, chifukwa palibe amene akubwereranso ku buku. Za malungo nazonso zimawonongeka chimodzimodzi: manotsi amati matendawa amayamba ndi udzudzu, pamene choyambitsa ndi kachirombo ka pulasimodiyamu, ndipo udzudzu waukazi wa anofelesi umangokafalitsa.

Ntchito ya wofufuza, tsono, si kuwerenga nkuyankha kuti zili bwino. Iye amatsegula buku patsamba lotchulidwalo, nkuyang'ana makamaka ziganizo zimene zikumveka ngati lamulo lopanda chopatula, manambala pamodzi ndi miyezo yake, ndi kumene mivi ya pachithunzi yaloza.

Pophatikiza, vuto lina limabisala m'malire a mitu. Wolemba za kupuma amafika pa timatumba ta mpweya ta m'mapapo nkuima, poganiza kuti zotsalazo ndi za mnzake wa magazi. Wa magazi nayenso amayambira pamtima, poganiza kuti za okosijeni zanenedwa kale. Mmene okosijeni amadutsira khoma lopyapyala la timatumbato kulowa m'timitsempha, nkukagwirana ndi himogulobini wa m'maselo ofiira, zimatsala zopanda mwini. Nchifukwa chake kuphatikiza sikutanthauza kumanga mapepala ndi sitepula. Munthu mmodzi, wosinthasintha sabata iliyonse, amatenga silabasi nkuchonga mfundo imodziimodzi ngati ilimo. Amachotsa zobwerezedwa, amagwirizanitsa zidule kuti chilembo chimodzi chisaimire zinthu ziwiri, ndipo pakati pa mitu yoyandikana amawonjeza mizere iwiri kapena itatu yolumikiza. Pamene manotsi awiri akutsutsana, iye sasankha yekha. Amalemba zonse ziwiri, gulu nkukafunsa buku kapena aphunzitsi. Mpukutu womaliza ulembedwe tsiku pamwamba, chifukwa pafoni pamadzadza zithunzi zakale ndi zokonzedwa, ndipo wina amatha kuloweza tsamba limene linakonzedwa kale.

Tsiku lokumana lili ndi msampha wake. Akatswiri ofufuza anapeza kuti anthu akamakumbukira chinthu pamodzi mokweza mawu, amatulutsa mfundo zochepa poyerekeza ndi zimene akanatulutsa aliyense payekha nkuziphatikiza pambuyo pake, chifukwa yankho la woyamba kulankhula limadula njira imene ena amakumbukirira. Choncho funso likawerengedwa, aliyense alembe kaye yankho lake mwakachetechete, kukambirana kubwere pambuyo. Apa ndi pamene pamaonekera amene wakhala akungogwedeza mutu. Mafunso khumi a mutu uliwonse amapanga 50 pasabata, ndipo pofika sabata yachitatu gulu limakhala ndi 100. Hermann Ebbinghaus anaonetsa kale mu 1885 kuti kuiwala kumathamanga kwambiri m'maola ndi masiku oyambirira, kenako nkumachepa liwiro. Motero mafunso a Loweruka ayenera kuyankhidwanso mawa lake, kenako patapita sabata, ndipo amene munthu wawalakwa awapatule kuti azibwerera kwa iwo kawirikawiri.

Pali maphunziro amene njirayi siwayenera. Masamu ndi mbali zowerengetsera za fizikisi ndi kemisitile zimamangika chimodzi pamwamba pa chinzake, ndipo luso lake limabwera munthu akasova yekha. Pamenepo gulu lingagawane ntchito yosonkhanitsa mafunso, koma aliyense asove onse. Mayeso ochita ndi manja nawonso salowa m'manotsi: kudziwa kuti ayodini amasandutsa sitachi kukhala yabuluu woderako sikufanana ndi kudonthezapo wekha. Kukula kwa gulu kulinso ndi malire. Likapitirira anthu asanu ndi mmodzi, mphindi khumi za aliyense sizikwanira pamsonkhano umodzi, ndipo ena amayamba kubisala kumbuyo kwa anzawo. Munthu akalephera kutumiza mutu wake pa tsiku logwirizana, wofufuza wake ndi amene amaulemba, popeza anauwerenga kale, ndipo wolepherayo amatenga ntchito yophatikiza ya sabata yotsatira.