Chifukwa Chake Intigireta Yanga Inkathawa

Ndifuna kukusimbirani za kachipangizo kena kamene kanandivutitsa masana awiri athunthu m'chipinda chathu cha sayansi, kufikira aphunzitsi atandiunikira. Ndikhulupirira kuti ena mwa inu mudzakumana nako, ndipo sindifuna kuti mudzataye kanthu kabwinobwino monga mmene ine ndinafunira kuchita.

Kachipangizoka ndi opu-ampu ya nambala 741, imene inatuluka koyamba mu 1968. Ndi kakang'ono ngati njere ya nyemba ndipo kali ndi miyendo isanu ndi itatu. Ntchito yake ndi kukuza kusiyana kwa magetsi pakati pa mwendo wa 2 ndi wa 3, nkutulutsa zotsatira pa mwendo wa 6. Ine ndinafuna kupanga chimene amachitcha intigireta. Ndinalumikiza mwendo wa 3 ku waya wa ziro. Magetsi olowa ndinawadzeretsa pa rezisita R ya 10 kΩ kupita ku mwendo wa 2, ndipo pakati pa mwendo wa 2 ndi wa 6 ndinaika kapasita C ya 0.1 µF. Chakudya chake chinali +15 V ndi −15 V.

Intigireta ili ngati ndowa yotchera pa mpopi. Siikuuzani mmene madzi akutulukira tsopano lino, koma kuchuluka kwa onse amene atuluka chiyambire. Karenti yodutsa pa rezisita ilibe kwina kopita koma m'kapasita, ndipo imaunjikana mmenemo. Pa yangayi, mukaika 1 V polowera, potulukira pamatsika ndi 1 V pa milisekondi iliyonse. Mukaika −1 V, pamakwera ndi liwiro lomwelo. Mukaika ziro, payenera kuima duu.

Ine ndinaika ziro, polumikiza polowera ku waya wa ziro uja. Koma mita inayamba kuwerenga 1, 3, 6, 9, ndipo patatha masekondi ngati asanu inaima pafupi ndi 14 V, osasunthanso. Ndinati kapsa. Ndinazula, nkuikamo kena, koma nakonso kanathawa, ngakhale kuti pang'onopang'ono ndiponso molowera kunsi.

Aphunzitsi atabwera sananene zambiri. Anatenga kawaya nakhudzitsa mbali ziwiri za kapasita, ndipo mita inagwa pa ziro pomwepo. Atachotsa kawayako, inayambanso kukwera. “Waona?” anatero. “Kakanakhala kakufa sikakanabwerera. Mpopi wako ukudontha, ndipo ndowa ikuchita ntchito yake mokhulupirika.”

Madontho ake ndi awiri. Loyamba ndi lakuti matiranzisita awiri a pakhomo la opu-ampu safanana ndendende, ngakhale anabadwira pamodzi. Choncho kachipangizoka kamaona ngati pali kusiyana kwa mamilivoliti ochepa pamene palibe. Pa 741 kusiyanaku kumakhala ngati 1 kapena 2 mV, ndipo kungafike 6 mV. Kumapendekera mbali iliyonse, ndicho chifukwa chake kachiwiri kaja kanathawira kunsi. Tinene kuti ndi 2 mV. Opu-ampu imasunga mwendo wa 2 pa 2 mV m'malo mwa ziro, ndiye pa rezisita ya 10 kΩ pamayenda karenti ya 200 nA usana ndi usiku. Dontho lachiwiri ndi lakuti mwendo wa 2 nawonso umamwa karenti yakeyake, ngati 80 nA. Zonsezi zimadzera m'kapasita, ndipo zikapendekera mbali imodzi zimakwana 280 nA.

Mwina munganene kuti 280 nA si kanthu, pakuti ndi kagawo kochepetsetsa ka ampeya imodzi. Nanenso ndinatero. Koma liwiro la kukwerako limapezeka pogawa karenti ndi kukula kwa kapasita:

```
I / C = 280 nA / 0.1 µF = 2.8 V/s
```

Masekondi asanu pa liwiro limeneli ndi 14 V, monga momwe mita yanga inaonetsera. Apo mpamene 741 imalekezera, chifukwa singatulutse magetsi oposa amene ikudya, ndipo imaperewera ndi voliti imodzi kapena ziwiri. Ndowa yadzaza. Kuyambira pamenepo opu-ampu siithanso kugwira mwendo wa 2 pafupi ndi ziro, ndipo zotuluka sizikhalanso nkhani yoona ya zolowa.

Pali chinthu chimene chinandichedwetsa kumvetsa. M'madera ena a opu-ampu, rezisita yochokera potulukira imabweza uthenga ku mwendo wa 2 wakuti “wapitirira, bwerera.” Kapasita imabweza uthengawu pa magetsi osinthasintha okha. Kwa magetsi okhazikika ili ngati mlatho wokokoloka. Tsono opu-ampu imatsala ndi mphamvu yake yonse yokuza, imene pa 741 ndi kuchulukitsa ngati ka 200,000. Chulukitsani 2 mV motero, mupeza 400 V. Kumeneko ndiko kumene inkalowera pang'onopang'ono, 14 V nkuitsekera njira.

Mankhwala ake anandiseketsa. Aphunzitsi anandipatsa rezisita ya 1 MΩ, imene tiitche Rf, kuti ndiike mopingasa kapasita, mwendo uku mwendo uku. Kunali kuboola ndowa dala! Koma taganizani: madzi akamakwera m'ndowa yobooka pansi, kabowo kamatulutsa mwamphamvu, kufikira otuluka alingana ndi odontheramo, ndipo madzi amaima pamenepo. Chimodzimodzi apa. Magetsi a pa kapasita amakwera kufikira 280 nA yonse ikudzera pa Rf, ndiye kuti 280 nA kuchulukitsa ndi 1 MΩ, imene ndi 0.28 V. Nditayatsa, mita inakhazikika pafupi pomwepo sekondi isanathe. Kukuza kwa magetsi okhazikika kunatsika kuchoka pa 200,000 kufika pa 100, pakuti Rf ndi yaikulu ka 100 kuposa R.

Nanga ntchito yeniyeni ija sinaonongeke? Ndinalowetsa magetsi odumpha pakati pa +1 V ndi −1 V ka 1,000 pa sekondi. Pa liwiro limeneli kapasita imatsekereza karenti ngati rezisita ya 1.6 kΩ chabe, choncho pafupifupi karenti yonse imadzera mmenemo, osati pa 1 MΩ. Pa osilosikopu panaoneka timapiri tosongoka ta mizere yowongoka, ta msinkhu wa theka la voliti.

Koma kabowo kali ndi mtengo wake: ndowa yayamba kuiwala. Malire ake ndi awa:

```
f = 1 / (2π × Rf × C) ≈ 1.6 Hz
```

Kunsi kwa malirewa chipangizocho si intigiretanso, changokhala chokuza wamba. Kuti mizere iwongoke bwino, liwiro la zolowa liziposa malirewa kakhumi, ndiye kuti 16 Hz kupita m'mwamba. Nditatsitsa makina opatsa magetsi aja kufika pa 2 Hz, nkuchepetsa mphamvu yake kuti ndowa isadzaze, timapiri tija tinapindika ngati nyanga za ng'ombe. Ndinayesanso Rf ya 100 kΩ. Cholakwa cha potulukira chinatsika kufika pa 0.03 V, koma malire anakwera kufika pa 16 Hz. Kwa ine amene ndinkagwira ntchito pa 1,000 Hz, iyi ndiyo inali yabwino koposa, makamaka chifukwa makina opatsa magetsi nawonso amadontha: akapendekera mbali imodzi ndi 10 mV, Rf ya 1 MΩ imasandutsa zimenezo 1 V yathunthu, pamene ya 100 kΩ imapereka 0.1 V.

Mnzanga wina anati bwanji osangotseka mpopiwo. Zoona, 741 ili ndi miyendo ya 1 ndi 5 yoikapo rezisita yopotokola kuti 2 mV ija ichoke, ndipo rezisita ya 10 kΩ pa mwendo wa 3 imachepetsa vuto la 80 nA. Tinayesa popanda Rf, ndipo mita inaima kanthawi ndithu. Kenaka ndinagwira kachipangizoka ndi chala, kanafunda pang'ono, mita nkuyambanso ulendo wake. Nchifukwa chake amene afuna kuwerengera magetsi okhazikika kwa nthawi yaitali, amene kabowo kangawanamize, saika Rf. Amasankha opu-ampu yodontha pang'ono kuposa 741, ndipo mopingasa kapasita amaikapo switchi yokhuthula ndowa asanayambe muyeso uliwonse, monga kawaya ka aphunzitsi kaja.